Masamba ojambulidwa osakaniza Chichewa ndi Chingerezi: chifupikitso chikamanena zomwe tsamba silinanene

Mwezi uliwonse ndimalandira pa foni zithunzi za maminitsi ndi malipoti a magulu a alimi, ndipo ntchito yanga ndi kulemba chifupikitso cha masamba awiri choti akuluakulu awerenge asanapite ku msonkhano. Mlembi wa kopaletivi salemba chilankhulo chimodzi. Amayamba chiganizo m'Chichewa, pakati n'kuponyamo mawu a Chingerezi, kenako n'kubwereranso ku Chichewa, monga momwe anthu analankhulira pa msonkhanopo. Zolakwika zomwe ndimapeza m'zifupikitso, zanga ndi za anzanga, ndi zomwezomwezo mwezi ndi mwezi, n'chifukwa chake ndazilemba pano potsata momwe zimaonekera.

Musanayambe kufufuza chilichonse, onani ngati muli ndi zinthu zitatu zosiyana: chithunzi chenicheni, mawu okopera omwe mwatayipa kapena omwe pulogalamu yowerenga zilembo pa chithunzi, ija ya `OCR`, yatulutsa, ndi chifupikitso chanu. Ambiri amadumpha chachiwiricho, maso pa foni zala pa kompyuta, akuwerenga, akumasulira ndi kufupikitsa nthawi imodzi. Mukatero, cholakwika chikapezeka simungadziwe kuti chinalowera pati.

Ndime iyi ndi yomwe tiziyesera mavuto onse. Inachokera m'maminitsi a kopaletivi ina, ndipo itakoperedwa bwino imaoneka motere:

```
Min 4: Treasurer anati mamembala amene sanabweze loan
sadzalandira dividend. Members agreed kuti interest
ikhale 10% per month. Wapampando anati, "Iyi si grant,
ndi loan, tisanamizane."
```

Chifupikitso choyamba chomwe chinabwera pa tebulo panga chinati: mamembala adzalandira phindu, chiwongola dzanja ndi 10%, ndipo wapampando wati "ili si thandizo, tiyeni tinene chilungamo." Chiganizo chimodzi, zolakwika zinayi. Tizipeza chimodzichimodzi.

## Chizindikiro 1: Chifupikitso chikunena zotsutsana ndi tsamba

Ili ndi vuto loopsa kuposa onse chifukwa silionekera. Chiganizo chimamveka bwinobwino, kungoti chatembenuka.

Chochititsa chofala kwambiri: chilembo choyamba cha mzere chadyeka. M'Chingerezi kukana kumakhala ndi liwu lakelake loima palokha, ndipo likasowa pamatsala mpata woonekera. M'Chichewa kukana nthawi zina kumakhala m'kachilembo kamodzi komata kutsogolo kwa mneni. "Sadzalandira" akataya s amakhala "adzalandira", liwu labwinobwino lomwe palibe pulogalamu kapena munthu angalikayikire. Pa ndime yathuyi liwulo linali koyambirira kwa mzere wachiwiri, kumanzere komwe buku lasokedwera, ndipo mthunzi wa pamsoko unameza s uja.

- Kulitsani chithunzi n'kutsika ndi diso m'mphepete mwa kumanzere, mzere ndi mzere, osawerenga nkhani koma kungoona ngati chilembo choyamba chili chathunthu.
- Chitani chimodzimodzi kumanja, chifukwa mathero a mneni amathandiza kugwira bodza. "Anabweze" si Chichewa. Mukaona mneni wa nthawi yakale wothera ndi e chotere, dziwani kuti s wa kutsogolo wagwa: anali "sanabweze". Koma "sadzalandira" alibe chokutetezani chotere, choncho aneni a nthawi yamtsogolo muziwaona kawiri.
- Ngati m'mphepete mwadulidwa kapena mwada, pemphani chithunzi china. Wojambula asindikize buku ndi dzanja kuti ligone, ajambule tsamba limodzi osati awiri, ndipo asiye mpata wa chala chimodzi kuzungulira pepala.

Chachiwiri: ka "si" koima pakokha katayika. Pa "Iyi si grant", mapulogalamu oikidwa pa Chingerezi nthawi zina amatembenuza `si` kukhala `is`, ndipo chiganizo chimasanduka chovomera. Pa mawu okopera sakani `is` aliyense woima pakati pa mawu a Chichewa, muone pa chithunzi.

Chachitatu: nkhodolero kapena h wasowa. Nkhodolero ndi kachizindikiro kaja kam'mwamba ka pa "ng'ombe". Pa chithunzi chosawala kamaoneka ngati kachitsotso. Koma "m'bale" ndi munthu pomwe "mbale" ndi yodyera, "ng'oma" ndi yoimba pomwe "ngoma" ndi nyama ya m'tchire. Nayenso h ndi wotero: "kuponya" ndi "kuphonya" n'zosiyana kutalitali, ndipo lipoti lonena kuti anthu anaphonya voti silofanana ndi lonena kuti anaponya voti.

## Chizindikiro 2: Mawu a Chichewa atuluka ophwanyika, a Chingerezi ali bwinobwino

Mukaona izi, kawirikawiri vuto si chithunzi. Chikanakhala chithunzi, zilankhulo zonse ziwiri zikanaphwanyika mofanana.

Chofala kwambiri: kompyuta kapena foni ikukonza yokha zomwe mukutayipa. Mumalemba "anati", iyo n'kuika `anti`, inu osaona chifukwa maso ali pa chithunzi. Kuti mudziwe, tayipani mawu asanu a Chichewa mukuyang'ana sikirini. Mu Word zimitsani `Replace text as you type` pa `File`, `Options`, `Proofing`, `AutoCorrect Options`. Kenako sankhani mawu onse, mupite pa `Review`, `Language`, `Set Proofing Language`, muchonge `Do not check spelling or grammar`. Mizere yofiira ija ikachoka, mtima wofuna kudina "kukonza" umachokanso.

Chachiwiri: pulogalamu ya `OCR` ikuwerenga tsamba lonse ngati la Chingerezi. Mapulogalamu amenewa samangoona maonekedwe a chilembo. Akakayika amasankha chomwe chikufanana ndi mawu a chilankhulo chomwe anaphunzitsidwa, n'chifukwa chake `dividend` amatuluka wosalala pomwe "tisanamizane" amatuluka wolumala. Amene mumagwiritsa ntchito pulogalamu ya `OCR` yotchedwa Tesseract, onani kaye zilankhulo zomwe zilipo:

```
tesseract --list-langs
```

Pa mndandanda wa zilankhulo zomwe Tesseract imabwera nazo palibe `nya`, chidule cha Chichewa. Chomwe chimathandiza ndi fayilo yowerenga zilembo za Chilatini mosatsata chilankhulo chimodzi. Ikani fayiloyo, muone dzina lomwe yatuluka nalo pa mndandanda, kaya `script/Latin` kaya `Latin`, ndipo muwerengetse tsamba kawiri, dzinalo mulilembe pambuyo pa `-l` mu mzere wachiwiri:

```
tesseract tsamba4.jpg a -l eng
tesseract tsamba4.jpg b -l script/Latin
```

Mupeza mafayilo awiri, `a.txt` ndi `b.txt`. Pomwe akusiyana ndi pomwe muyenera kubwerera ku chithunzi. Pomwe akufanana sindiye kuti alondola, koma ntchito yachepa.

Chachitatu: chithunzi chinafinyidwa potumiza. Pepala la A4 likasikanidwa pa madontho 300 pa inchi limakhala la mapikiselo 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, ndipo muyeso umenewu ndi womwe mapulogalamu owerenga zilembo amayenda nawo bwino. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp ngati chithunzi wamba chimachepetsedwa kuti chisadye bando, ndipo chikadutsa m'mafoni atatu, wina n'kujambulanso sikirini, m amafanana ndi rn, l amafanana ndi 1. Onani kukula kwa fayilo. Ine ndikaona tsamba lathunthu lili pansi pa mapikiselo 2000 m'litali ndimapempha lina, ndipo ndimauza mlembi kuti atumize kudzera pa `Document`, chifukwa njira imeneyo sifinya.

Chosowa koma chimachitika: chilembo ŵ. Chimatuluka ngati w wamba, kapena zizindikiro zosamveka. Ngati chili m'mawu omwe mukuwagwira ndendende, chibwezereni. Mu Word tayipani `0175`, musankhe manambala anayiwo okha, kenako `Alt+X`.

Ngati tsamba ndi lolemba pamanja, musataye nthawi ndi zonsezi. Tayipani nokha. Tsamba la maminitsi limanditengera mphindi 10 kapena 15, pomwe kukonza zomwe pulogalamu yasokoneza pa zolemba pamanja kumaposa pamenepo.

## Chizindikiro 3: Mawu ali m'mitengero sakupezeka pa tsamba

Mitengero ndi zizindikiro zija zotsekulira ndi kutsekera mawu a munthu. Mukaika mawu m'kati mwake mukulumbira kuti munthuyo ananena kapena analemba zimenezo, liwu ndi liwu. Kuyesa kwake n'kosavuta: tengani mawu atatu otsatizana a m'mitengero, muwasake m'mawu okopera ndi `Ctrl+F`. Akapanda kupezeka, chimodzi mwa izi chachitika.

Chofala kwambiri: mwamasulira, kenako mwaika mitengero. Ndi zomwe zinachitika pa ndime yathu. Wapampando sananene kuti "ili si thandizo, tiyeni tinene chilungamo." Wolemba chifupikitso anaona kuti chiganizo chosakaniza zilankhulo sichioneka bwino mu lipoti, ndiye anachichapa. Pochapapo anataya zinthu ziwiri. Choyamba, theka la chiganizo lonena kuti ndi ngongole linagwa. Chachiwiri, "tisanamizane" ndi liwu lakuthwa, lonena kuti alipo ena pa msonkhanopo amene akunamiza anzawo, pomwe "tinene chilungamo" ndi mawu ozizira omwe aliyense angayambire nawo nkhani. Wapampando atamva chifupikitsocho chikuwerengedwa anati, "Amenewo si mawu anga, ine ndinawauza mosapsatira."

Pali njira ziwiri zolondola, ndipo musazisakanize:

- Gwirani mawu monga alili, osakanizika chomwecho, m'mitengero. Ngati owerenga ena sangamve mbali ina, ikani kumasulira kwanu pambuyo pake, kunja kwa mitengero, ndipo nenani kuti mwamasulira ndinu.
- Kapena fotokozani m'mawu anu popanda mitengero: wapampando anatsindika kuti ndalamazo ndi ngongole, si zaulere, ndipo anachenjeza kuti anthu asanamizane.

Ena amachita manyazi ndi njira yoyambayo, ati ikuonetsa ngati wapampando sadziwa Chichewa. Ine ndimaona mosiyana. Mawu awiri a Chingerezi aja sanawasankhe mwangozi. Ndi omwe ali pa pepala la mgwirizano lomwe gulu linasainira, ndipo iye ankaloza pepalalo. Mukawachotsa, mwadula chingwe chomanga maminitsi ndi mgwirizano.

Chachiwiri: mwagwira mawu omwe sanali ogwidwa pa tsamba. Onani chiganizo choyamba cha ndime yathu. Msungichuma "anati", koma palibe mitengero. Amenewo ndi mawu a mlembi akufotokoza zomwe msungichuma ananena. Mukawaika m'mitengero n'kulemba kuti ndi a msungichuma, mwamuika mawu m'kamwa. Ngati mukufuna kuwagwira, nenani kuti maminitsi akuti.

Chachitatu: "akuti" kapena "ati" wagwa. Timawu timeneti n'tating'ono, koma timasiyanitsa zomwe munthu waona ndi zomwe wamva. "Akuti ndalama zinasowa" ndi mphekesera. "Ndalama zinasowa" ndi mlandu. Pofupikitsa, "akuti" ndi woyamba kudulidwa chifukwa amaoneka ngati wongodzaza malo, makamaka chifupikitso chikamalembedwa m'Chingerezi momwe kumusunga kumafuna mawu angapo. Sakani "akuti", "ati", "mwina" ndi "zikuoneka" m'mawu okopera, muone ngati aliyense wasiya phazi lake m'chifupikitso.

Chachinayi: mwalumikiza zidutswa ziwiri. Chiyambi cha pa tsamba 4 ndi mathero a pa tsamba 6 zakhala chiganizo chimodzi. Mukadumpha mawu ikani madontho atatu, ndipo ngati zidutswazo zatalikirana, zigwireni padera.

Chomwe chinandithetsera mavuto anayi onsewa ndi chizolowezi chimodzi. Mawu aliwonse ogwidwa ndimawakopera kuchokera m'mawu okopera, sindiwatayipanso, ndipo pambali pake ndimalemba tsamba ndi mzere, monga `t4 m3`. Ndikamaliza ndimatsekula chithunzi n'kuwerenga mokweza mzere umenewo chala chili pa chifupikitso. Timanambalato ndimatifufuta m'kope lotumiza, koma langa limakhala nato.

## Chizindikiro 4: Chinthu chimodzi chili ndi maina atatu, kapena zinthu zitatu zili ndi dzina limodzi

Chofala kwambiri: liwu limodzi la Chichewa lanyamula mawu angapo a Chingerezi. "Phindu" ndiye mfumu ya vutoli. Pa tsamba pali `profit`, `dividend` ndi `interest`, ndipo onse atatu munthu angawatche phindu osalakwa Chichewa. Koma kwa kopaletivi, choyamba ndi chotsala gulu likagulitsa n'kuchotsa zolowa, chachiwiri ndi gawo lomwe membala amalandira potengera masheya ake, chachitatu ndi chiwongola dzanja cha pa ngongole. Chifupikitso chonena kuti osabweza ngongole sadzalandira phindu sichikunena kuti akumanidwa chiti.

"Thandizo" nalonso ndi msampha. Ngongole ya feteleza ndi thandizo, mphatso ya feteleza ndi thandizonso. Mukalemba thandizo pomwe tsamba lati `loan`, anthu sabweza, ndipo adzakulozani inu.

"Mfumu" ndi chimodzimodzi. Nyakwawa, gulupu ndi mfumu yaikulu ya dera onse ndi mafumu, koma kalata yosainidwa ndi nyakwawa silemera mofanana ndi ya mfumu yaikulu. Tsamba likalemba `GVH` lembani gulupu, likalemba `T/A` musangoti mfumu.

Kukonza kwake ndi kandandanda ka mawu komwe mumalemba musanayambe kufupikitsa. Werengani masamba onse kamodzi, mutole mawu a ntchito, nthawi zambiri sapitirira 10 kapena 15, ndipo liwu lililonse mulipatse dzina limodzi lokha:

```
loan      = ngongole
grant     = ndalama zosabweza
interest  = chiwongola dzanja
dividend  = gawo la pa masheya
profit    = phindu la gulu
```

Pamene liwu likuonekera koyamba m'chifupikitso, lilembeni monga lilili pa tsamba limodzi ndi dzina lomwe mwalipatsa. Kuyambira pamenepo musasinthenso, ngakhale kubwereza kukutopetseni. Aphunzitsi a chimangirizo anatiphunzitsa kusinthasintha mawu kuti nkhani ikome, koma kuno wowerenga akaona dzina latsopano amaganiza kuti ndi chinthu chatsopano.

Chachiwiri: mlembi mwini ndiye akusinthasintha. Pa tsamba 2 walemba `loan`, pa tsamba 5 "ngongole", pa tsamba 7 "ndalama za feteleza". Musaganize msanga kuti ndi chinthu chimodzi. Yerekezani ndalama zake ndi masiku ake. Zikafanana, phatikizani. Zikasiyana, mwina pali ngongole ziwiri, ndipo woyenera kufunsidwa ndi mlembiyo.

Chachitatu: mwamasulira dzina. Maina a mabungwe, malamulo, mankhwala ndi mitundu ya mbewu samasuliridwa. Akopereni chilembo ndi chilembo, chifukwa wina adzapita nawo ku sitolo kapena ku ofesi. Zidule zake musazitambasule mongoganiza. M'mapepala a alimi `VSL` ndi banki m'khonde ndipo `VDC` ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi, koma pa zolemba pamanja zidule ziwirizi ndinaziwonapo zitasinthanitsidwa.

## Chizindikiro 5: Manambala alipo koma sakugwirizana

Chofala kwambiri: muyeso wasiyidwa. Pa ndime yathu chifupikitso chinati 10% basi. Mawu akuti `per month` anagwa chifukwa anali kachidutswa ka Chingerezi kumapeto kwa chiganizo cha Chichewa, ndipo diso likagwira nambala limathamangira chiganizo chotsatira. Wowerenga wozolowera za kubanki akaona 10% amaganiza za pa chaka. Tiwerengere pa ngongole ya K100,000 ya miyezi 6, chiwongola dzanja chosaberekana. Pa 10% pa mwezi ndi K10,000 kuchulukitsa ka 6, kukwana K60,000. Pa 10% pa chaka, theka la chaka ndi K5,000. Kusiyana kwa K55,000 kwabisala m'mawu awiri.

Nambala iliyonse m'chifupikitso muifunse kuti: ya chiyani, pa chiyani? Matumba a makilogalamu 50 kapena ndowa? Maekala kapena mahekitala? Hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi 2.5, ndipo si zachilendo kupeza tebulo la Chingerezi lili m'mahekitala pomwe ndime ya Chichewa pansi pake ikunena maekala, chifukwa alimi amayeza minda m'maekala. Musasinthe mwakachetechete. Lembani monga zilili, kapena nenani kuti mwasintha.

Chachiwiri: zilembo zofanana. 1 ndi 7, 0 ndi 6, 5 ndi S, komanso mpatuliro wosanduka mpumiro, K15,000 n'kukhala K15.000. Ngati pali tebulo, phatikizani nokha mizere yonse muone ngati ikufika pa chiwerengero cha pansi. Ikapanda kufika, mwina mwawerenga molakwa, mwina msungichuma ndiye analakwitsa. Ngati ndi iye, musamukonzere, nenani kuti tebulo silikugwirizana.

Chachitatu: manambala olembedwa m'mawu. "Makumi asanu ndi limodzi" ndi 60, si 51, chifukwa "limodzi" likunena khumi lina. Achinyamata ozolowera kuwerenga ndalama m'Chingerezi amagwa pamenepa kawirikawiri.

Chachinayi: "chaka chatha", "mwezi wamawa", "dzana". Mawu amenewa amadalira tsiku lomwe pepala linalembedwa. M'chifupikitso ikani mwezi ndi chaka chenicheni. Ngati tsamba lokhala ndi deti silinajambulidwe, lipempheni.

## Chizindikiro 6: Ziganizo zikuyamba m'Chichewa n'kuthera m'Chingerezi chosagwirizana nacho

Izi ndi za mafomu ndi zidziwitso zosindikizidwa m'zigawo ziwiri, Chichewa kumanzere Chingerezi kumanja. Pulogalamu yawerenga mopingasa, mzere wa kumanzere n'kuulumikiza ndi wa kumanja. Njira yachidule ndi kudula chithunzi pakati, mbali iliyonse ikhale fayilo yakeyake. Mu Tesseract, `--psm 6` imatenga tsamba lonse ngati ndime imodzi, choncho muigwiritse ntchito pokhapokha mutadula kale.

Mukalekanitsa, musangowerenga mbali yomwe ikukupepukirani poganiza kuti inayo ikubwereza zomwezo. Kawirikawiri mbali imodzi ndiyo inalembedwa poyamba, inayo ndi yomasulira, ndipo womasulira amafupikitsa. Werengani ziganizo za mbali iliyonse. Kumanja zikakhala 9 kumanzere 7, pezani ziwirizo. Nthawi zambiri zimakhala zonena za chilango cha kuchedwa kulipira kapena tsiku lomaliza. M'chifupikitso nenani mbali yomwe mwatsata, ndi pomwe mbali ziwirizo zasiyana.

## Chizindikiro 7: Kalembedwe kakuoneka kolakwika koma chithunzi chili bwino

Mwina sikolakwika. Mapepala akale a Chinyanja, komanso ambiri olembedwa ku Zambia mpaka lero, amalemba c pomwe ife timalemba ch, monga "cakudya" ndi "cifukwa". Malamulo a kalembedwe omwe tinaphunzira kusukulu ku Malawi anakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1970, ndiye buku la mpingo kapena kalata ya malo yakale kuposa apo siingawatsate. M'mawu anu lembani mwa lero. M'mitengero siyani monga zilili, ngakhale pomwe mlembi analakwitsadi sipelo. Amene adzafufuze mawuwo pa pepala loyamba adzawapeza pokhapokha mutawasiya.

## Pamene muyenera kuima n'kuitana wodziwa

- Liwu silikuwerengeka ndipo chiganizo chikudalira liwulo. Lembani `[sizikuwerengeka]` pamalopo, mupemphe chithunzi china kapena muimbire mlembi. Musadzaze ndi chomwe chikuoneka chomveka. Mukapeza malo oposa atatu otere pa tsamba limodzi, tsambalo lijambulidwenso lonse.
- Pepala ndi la malo, chuma cha masiye, mgwirizano wa ngongole kapena khoti. Mawu ngati `leasehold`, `freehold` ndi `customary estate` ali ndi tanthauzo lake m'malamulo a malo, ndipo "malo anga" sangawaimirire. Asiyeni monga alili, ndipo womasulira tanthauzo lake akhale loya kapena a ku ofesi ya malo. Chifupikitso chanu chisapite kukhoti m'malo mwa pepala lenileni.
- Pali dzina la mankhwala ndi mlingo wake, kaya a anthu, a ziweto kapena opopera mbewu. Musafupikitse mlingo. Onetsani chithunzi chenichenicho kwa achipatala, alangizi a ziweto kapena alangizi a zaulimi.
- Chilankhulo chachiwiri simuchidziwa bwino. Masamba ena a kumpoto amasakaniza Chitumbuka ndi Chingerezi, a m'malire a Mozambique amasakaniza Chinyanja ndi Chipwitikizi. Kumva pang'ono n'kokwanira kudziwa mutu wa nkhani, koma sikokwanira kugwira mawu a munthu. Pezani mwini chilankhulo, mumupatse chithunzi osati mawu omwe pulogalamu yatulutsa.
- Tsamba likutchula munthu dzina pa nkhani ya kuba kapena kusowa kwa ndalama. Musatumize chifupikitso pa gulu la pa foni musanaonetse wapampando ndi mlembi chiganizo chimenecho pamodzi ndi chithunzi chake.

Ndime ya kopaletivi ija, itadutsa m'zonsezi, inalowa m'chifupikitso motere: malinga ndi maminitsi, msungichuma anati mamembala omwe sanabweze ngongole sadzalandira gawo la pa masheya, mamembala anagwirizana kuti chiwongola dzanja chikhale 10% pa mwezi, wapampando anatsindika kuti ndalamazo ndi ngongole, si zosabweza, ndipo anati, "tisanamizane." Chithunzi chachiwiri cha tsamba 4, chokhala ndi s woonekera bwino, chinafika patapita masiku awiri, chifukwa buku linali kunyumba kwa mlembi ndipo iye anali ku maliro.